Mizukwa ya Pac-Man: mmene mdani wa m'gemu amasinthira zochita

Aliyense amene anasewerapo Pac-Man kwa kanthawi amadziwa kachinthu kena kamene kamachitika mwadzidzidzi. Mizukwa yamupanikiza pakona, kwangotsala pang'ono kuti agwidwe, kenaka yonse imatembenuka nthawi imodzi n'kulowera kwina. Pakapita masekondi ochepa imatembenukanso, ulenje n'kuyambiranso.

Makina sanasokonezeke ayi. Toru Iwatani, amene anatsogolera ntchito yopanga gemuyi ku kampani ya Namco ku Japan, n'kuitulutsa mu 1980, sanafune kuti wosewera azithamangitsidwa osapuma, poti akhoza kutopa msanga. Choncho mizukwa inakonzedwa kuti iziukira, kenaka izipereka mpata, n'kubweranso. Zonsezi zinkayenda pa kachipangizo ka Z80, kofooka kutalitali poyerekeza ndi foni yotchipa ya masiku ano. Chimene chinatheketsa ndi kapangidwe kamene akatswiri a mapulogalamu amafupikitsa kuti FSM, makina a mikhalidwe yowerengeka. Mpaka lero, munthu akamapanga gemu imene wosewera amaona bwalo lonse kuchokera pamwamba, kawirikawiri adani ake amayambira pamenepa.

Mkhalidwe umodzi pa nthawi imodzi

Maganizo ake ndi ofanana ndi a maloboti a pamsewu. Nyale zilipo zitatu, koma galimoto ikaima pamzere imayang'ana imodzi imene yayaka. Ndipo nyale siziyaka mwachisawawa. Yobiriwira ikazima pamabwera yachikasu, kenaka yofiira. Makina a mikhalidwe ali ndi zinthu zitatu zomwezo: mndandanda wa mikhalidwe imene chinthu chingakhalemo, lamulo loti chikhale mu umodzi wokha pa nthawi imodzi, ndi ndondomeko yonena chimene chimachichotsa mu mkhalidwe uwu kupita mu wina.

Mzukwa wa Pac-Man ukakhala m'bwalo uli ndi mikhalidwe inayi. Woyamba ndi kumwazika, pamene mzukwa uliwonse umalunjika ku ngodya yake ya bwalo. Wachiwiri ndi kuthamangitsa. Wachitatu ndi mantha, umene umayamba Pac-Man akadya limodzi mwa madontho anayi akuluakulu. Apa mzukwa umasanduka wabuluu, umayenda pang'onopang'ono ndipo ukhoza kudyedwa. Wachinayi ndi kudyedwa kumene: thupi limazimiririka, maso okha n'kuthamangira ku nyumba ya mizukwa pakati pa bwalo.

Lamulo loti ukhale mu mkhalidwe umodzi wokha limaoneka laling'ono, koma ndi limene limapulumutsa ambiri. Wongoyamba kumene kulemba khodi amakonda kupatsa mdani tizizindikiro tinayi ta inde kapena ayi: kodi akuthamangitsa, kodi akumwazika, kodi akuopa, kodi wadyedwa. Tizizindikiro tinayi totere tingasakanizike m'njira 16, koma zomveka ndi 4 zokha. Zotsala 12 ndi zopanda mutu, monga mzukwa umene wadyedwa koma ukuthamangitsabe. Tsiku lina wolemba amaiwala kuzimitsa kachizindikiro kamodzi, ndiye wosewera amangoona maso opanda thupi akumupha. Mdani akakhala ndi malo amodzi okha osungira mkhalidwe wake, zosatheka 12 zija zilibenso poima.

Ndandanda iyambe, khodi ibwere pambuyo

Ntchito imayambira papepala. Wopanga gemu amalemba mikhalidwe yonse, kenaka pa uliwonse amadzifunsa kuti: n'chiyani chingachitike mdani ali apa, nanga chikachitika apite kuti? Kwa mzukwa, zochitika zofunika ndi zisanu. Wotchi yalira, dontho lalikulu ladyedwa, nthawi ya mantha yatha, Pac-Man waugwira, kapena maso afika kunyumba.

Wotchi imeneyi ndi imodzi, ya mizukwa yonse, ndipo ndi imene imaisinthanitsa pakati pa kumwazika ndi kuthamangitsa. Pa gawo loyamba la gemu imayenda motere: masekondi 7 kumwazika, 20 kuthamangitsa, 7 kumwazika, 20 kuthamangitsa, 5 kumwazika, 20 kuthamangitsa, 5 kumwazika, kenaka kuthamangitsa mpaka gawolo lithe kapena wosewera afe. Manambalawa ndi ambiri mwa zina za gemuyi anazilemba mwatsatanetsatane ndi Jamey Pittman m'chikalata chake chotchuka cha The Pac-Man Dossier, atafufuza mmene gemu yoyambirirayo imagwirira ntchito.

Ndandanda ikakwana papepala, kuisandutsa khodi n'kosavuta. M'chiyankhulo cha Python ingaoneke chonchi:

```python
MASINTHIDWE = {
    ("kumwazika", "wotchi_yalira"): "kuthamangitsa",
    ("kuthamangitsa", "wotchi_yalira"): "kumwazika",
    ("kumwazika", "dontho_lalikulu"): "mantha",
    ("kuthamangitsa", "dontho_lalikulu"): "mantha",
    ("mantha", "dontho_lalikulu"): "mantha",
    ("mantha", "wagwidwa"): "kudyedwa",
    ("mantha", "mantha_atha"): "funsa_wotchi",
    ("kudyedwa", "wafika"): "funsa_wotchi",
}
```

Mzere uliwonse ukunena kuti: mzukwa ukakhala mu mkhalidwe uwu, ndipo ichi chikachitika, upite uko. Mizere isanu ndi itatu basi.

Zimene sizinalembedwe m'ndandandamu zili ndi ntchito yake. Palibe mzere wa kudyedwa ndi dontho lalikulu, kutanthauza kuti maso amene akubwerera kunyumba sasanduka abuluu ngakhale Pac-Man adye dontho lina. Palibenso mzere wa kudyedwa ndi kugwidwa, choncho mzukwa sungadyedwe kawiri, ndipo wosewera sangalandire mapointi kawiri pa mzukwa umodzi. Chochitika chimene chilibe mzere chimangonyalanyazidwa. Khodi yotsatira ndandandayi ndi yaifupi:

```python
def landira(mzukwa, chochitika, wotchi):
    wakale = mzukwa.mkhalidwe
    watsopano = MASINTHIDWE.get((wakale, chochitika))
    if watsopano is None:
        return
    if watsopano == "funsa_wotchi":
        watsopano = wotchi.mkhalidwe
    if wakale in ("kumwazika", "kuthamangitsa"):
        mzukwa.tembenuka()
    mzukwa.mkhalidwe = watsopano
    mzukwa.polowa(watsopano)
```

Pali mwambo umodzi wosayenera kuuswa: m'gemu yonse, malo okhawo ololedwa kusintha mkhalidwe wa mdani ndi awa. Gawo lina lililonse la pulogalamu likafuna kuti mdani asinthe, lizitumiza chochitika, lisamalowetse dzanja lokha. Zikatere, mdani akachita zachilendo, pofufuza ndi pamodzi.

Zochita pa nthawi yosinthayo

Gemu imajambula chithunzi chatsopano pafupifupi ka 60 pa sekondi, ndipo ulendo uliwonse mdani amasuntha pang'ono malinga ndi mkhalidwe wake. Koma pali zinthu zina zoyenera kuchitika kamodzi kokha, pa mphindi imene mkhalidwe ukusintha. Kusiyanitsa ziwirizi ndi kumene kumavuta ambiri.

Kutembenuka kwa mizukwa ndi chitsanzo chabwino. Mzukwa wa Pac-Man suloledwa kubwerera m'mbuyo mwa kufuna kwake. Umakakamizidwa kutembenuka pokhapokha ukamachoka mu kumwazika kapena mu kuthamangitsa. Mantha akatha sutembenuka, umangopitirira kumene unkapita. N'chifukwa chake khodi ija ikuyang'ana mkhalidwe wakale isanautembenuze. Wina atalakwitsa n'kuika lamulo lotembenukali pakati pa zochitika pa chithunzi chilichonse, mzukwa ungamatembenuke ka 60 pa sekondi n'kumangonjenjemera pamalo amodzi.

Liwiro ndi mtundu nazonso zimaikidwa polowa. Pa gawo loyamba mzukwa umayenda pa maperesenti 75 a liwiro lapamwamba la gemuyi, Pac-Man pa 80. Mantha akalowa mzukwa umatsika kufika pa 50, Pac-Man n'kukwera kufika pa 90, ndipo zimakhala choncho kwa masekondi 6. Mkhalidwe uliwonse uyenera kudziikira liwiro lake pamene ukuyamba. Ukadalira kuti wam'mbuyo wabwezeretsa zinthu m'malo mwake, tsiku lina padzapezeka mzukwa wofiira woopsa koma woyenda ngati wodwala.

Taonani mmene zimayendera pa gawo loyamba. Kuyambira sekondi 0 mpaka 7 mizukwa ikumwazika. Pa 7 wotchi yalira, yatembenuka, yayamba kuthamangitsa, ndipo kukanakhala kuti palibe chosokoneza ikanasiya pa 27. Koma pa sekondi 15 Pac-Man wadya dontho lalikulu. Mizukwa yatembenuka, yasanduka yabuluu, ndipo wotchi yaikulu ija yaima, itatsala ndi masekondi 12 a kuthamangitsa. Pa 21 mantha atha, wotchi yayambiranso pomwe inalekera, ndiye kumwazika kukubwera pa 33, osati pa 27. Wopanga gemu akaiwala kuimitsa wotchiyo, nthawi ya mantha imadya nthawi ya kuthamangitsa, gemu n'kuphweka popanda amene anafuna.

Mawu oti `funsa_wotchi` ali m'ndandanda pa chifukwa chenicheni. Njira yooneka yachidule ndi yoti mzukwa uzikumbukira zimene unkachita mantha asanabwere, n'kubwerera komweko. Koma tiyerekeze kuti wadyedwa chakumapeto kwa nthawi ya mantha, ndipo maso ali m'njira pamene wotchi ikulira. Anzake onse ayamba kumwazika, iwo ukutuluka m'nyumba ukukumbukira za kuthamangitsa. Kuyambira pamenepo wasemphana ndi anzake, ndipo wotchi ikadzaliranso udzayamba kumwazika pamene enawo akuyamba ulenje. Ukafunsa wotchi pa nthawi yotulukayo, vutoli silibadwa n'komwe.

Makina amodzi, makhalidwe anayi

Anthu amati mzukwa uliwonse uli ndi mtima wake: Blinky wofiira ndi wouma khosi, Pinky amabisalira kutsogolo, Inky sadziwika chimene achite, Clyde amaoneka wozerezeka. Komabe onse amatsatira ndandanda imodzi ya masinthidwe. Chosiyana ndi kabokosi kamene aliyense amalunjikako.

Bwalo la Pac-Man lagawidwa m'timabokosi, 28 m'lifupi ndi 36 m'litali mwa sikirini yonse. Ntchito ya mkhalidwe ndi kungoyankha funso limodzi: kabokosi kolunjikako ndi kati? Mu kumwazika ndi ngodya: Blinky pamwamba kumanja, Pinky pamwamba kumanzere, Inky pansi kumanja, Clyde pansi kumanzere. Mu kudyedwa ndi pakhomo pa nyumba. Mu mantha mulibe kolunjika, mzukwa umangosankha njira mwamwayi. Mu kuthamangitsa ndi mmene aliyense ali ndi zake. Blinky amalunjika pa kabokosi pamene pali Pac-Man. Pinky amalunjika timabokosi 4 kutsogolo kwa kumene Pac-Man wayang'ana. Inky amaphatikiza malo a Pac-Man ndi a Blinky powerengera pake. Clyde amalunjika pa Pac-Man akakhala patali kupitirira timabokosi 8, koma akayandikira amabwerera ku ngodya yake.

Kayendedwe kenikeni ndi kamodzi kwa onse. Mzukwa ukafika pamphambano umayang'ana timabokosi toyandikana nato totseguka, kupatula kumene wachokera, n'kusankha kamene kali pafupi kwambiri ndi cholinga poyeza molunjika, osalabadira makoma. Pakakhala kufanana, kumwamba kumapambana, kenaka kumanzere, kenaka kunsi, kumanja komaliza.

Tiyese ndi manambala ongoyerekeza, powerenga mizere yoimirira kuchokera kumanzere ndi yopingasa kuchokera pamwamba. Pac-Man ali pa (10, 20), wayang'ana kumanzere. Mzukwa wafika pamphambano pa (12, 14) kuchokera kumanja, ndiye ungapite kumwamba (12, 13), kumanzere (11, 14) kapena kunsi (12, 15). Poyeza mtunda, kusiyana kulikonse kumachulukitsidwa ndi mwini wake, kenaka n'kuphatikiza.

Ngati ndi Blinky, cholinga ndi (10, 20). Kumwamba kukupereka 4 + 49 = 53, kumanzere 1 + 36 = 37, kunsi 4 + 25 = 29. Blinky atsika. Ngati ndi Pinky, cholinga ndi (6, 20). Kumwamba ndi 36 + 49 = 85, kumanzere 25 + 36 = 61, kunsi 36 + 25 = 61. Apa pafanana, ndiye lamulo lija likuti kumanzere. Pamphambano imodzimodziyo Blinky watsika, Pinky wapita kumanzere, ndipo posakhalitsa wosewera aona mmodzi kumbuyo wina kutsogolo, n'kumaganiza kuti anapangana. Sanapangane. Pinky sadziwa n'komwe kuti Blinky ali kuti.

Phunziro kwa wopanga gemu ndi loti makina a mikhalidwe asamayendetse mapazi a mdani. Azingonena kolunjika ndi liwiro, kuyendako kukhale kwa gawo lina la pulogalamu. Akafuna mdani wachisanu, amangolemba lamulo latsopano la cholinga, ndandanda osaikhudza. Ndipo cholakwika chikakhala m'lamulo la cholinga chimatsalira momwemo. Mu gemu ya 1980 muli chimodzi chodziwika bwino: Pac-Man akayang'ana kumwamba, cholinga cha Pinky chimakhala timabokosi 4 kumwamba komanso 4 kumanzere, chifukwa cha vuto la masamu m'khodi. Pinky amasokera pang'ono, koma masinthidwe ake onse amayenda bwinobwino.

Mdani wonjenjemera pamalire

Magemu ambiri oonera pamwamba alibe njira zopanikiza ngati za Pac-Man. Mlonda wa m'linga amayenda momasuka, ndipo chimene chimamusintha si wotchi koma mtunda: wosewera akayandikira amuthamangitse, akatalikira abwerere kukalondera. Apa ndi pamene pamabadwira vuto lofala kwambiri.

Tinene kuti malire ndi timabokosi 8, olowera ndi otulukira omwewo. Wosewera akuyenda cha m'mphepete mwa malirewo. Pa chithunzi ichi mtunda ndi 7.9, mlonda wayamba kuthamangitsa. Pa chotsatira wosewera wasuntha pang'ono, mtunda ndi 8.1, mlonda watembenuka kuti abwerere. Kenaka 7.9 kachiwiri. Pa sikirini mlonda amaoneka ngati wagwidwa ndi malungo, ndipo ngati pali kaphokoso kamene amachita akaona munthu, kamalira mobwerezabwereza.

Clyde nayenso ali ndi malire amodzi a timabokosi 8, koma sanjenjemera, chifukwa saloledwa kutembenuka pakati pa njira ndipo amasankha pamphambano pokha. Kukayikakayika kwake kumangooneka ngati kuzungulirazungulira chapafupi. Mlonda woyenda momasuka alibe chomutchinga chotere, ndiye amafunika malire awiri. Ayambe kuthamangitsa mtunda ukachepera 6, asiye pokhapokha ukapitirira 9. Pakati pa 6 ndi 9 amangopitiriza zimene ankachita. Ena amawonjezeranso mkhalidwe wofufuza: wosewera akabisala kuseri kwa khoma, mlonda amapita pamene anamuona komaliza, n'kuyang'anayang'ana kwa masekondi angapo asanabwerere.

Vuto lachiwiri limabwera zinthu ziwiri zikachitika pa chithunzi chimodzi. Pac-Man wagunda mzukwa wabuluu pa mphindi yomweyo imene mantha akutha. Ngati pulogalamu yayamba ndi kutha kwa mantha, wosewera wafa. Ngati yayamba ndi kugundanako, wapeza mapointi 200 kapena kuposa. Wopanga gemu ayenera kusankha yekha chimene chiziyamba, n'kuchisunga chomwecho nthawi zonse.

Kuti adziwe kumene kwalakwika, njira yachangu ndi kulemba dzina la mkhalidwe pamwamba pa mutu wa mdani aliyense pa nthawi yoyesa, kuika kadontho pa kabokosi kamene akulunjikako, ndi kusindikiza mzere umodzi pa kusintha kulikonse: nthawi, mkhalidwe wakale, chochitika, mkhalidwe watsopano. Mizere ikamatuluka yambirimbiri pa sekondi imodzi, malire ndi amene avuta. Mdani akangoti zii mu mkhalidwe umodzi, ndiye kuti chochitika chomutulutsa sichikutumizidwa, kapena mzere wake mulibe m'ndandanda. Maso amene akuzungulira nyumba osalowa, mwachitsanzo, kawirikawiri amasonyeza kuti pulogalamu ikudikira kuti afike pa kadontho kenikeni kamene liwiro lawo likuwadumphitsa.

Wosewera nayenso ayenera kuuona mkhalidwe. Mizukwa yabuluu imaphethira moyera mantha akatsala pang'ono kutha, ndipo chenjezo limeneli ndi limene limachititsa kuti munthu akafa adziimbe mlandu yekha. M'magawo apamwamba nthawi ya mantha imafupika, ndipo kuyambira gawo la 19 mizukwa sisandukanso yabuluu. Imangotembenuka, basi.

Pamene makinawa amalekezera

Makina otere amachita zomwezomwezo akakumana ndi zomwezomwezo. Akatswiri osewera Pac-Man anazindikira izi, n'kuloweza njira zoyendamo zimene zinkawadutsitsa gawo lonse osakhudzidwa. Ngakhale kusankha mwamwayi kwa mizukwa yamantha kunkayambira pa nambala yomweyo gawo likamayamba, choncho nakonso kunkalowezeka. Ms. Pac-Man, imene kampani ya Midway inatulutsa ku Amereka patangopita nthawi yochepa, inasakanizamo kuyenda kosayembekezeka kwa mizukwa ina, njira zolowezazo n'kusiya kudalirika.

Malire ena ndi kukula. Mikhalidwe 4 ingakhale ndi masinthidwe 12 kuchokera mu wina kupita mu wina. Ikafika 10, masinthidwe otheka ndi 90, ndipo mkhalidwe watsopano uliwonse umakakamiza wolemba kuunikanso yonse yakale. N'chifukwa chake magemu akuluakulu anafunafuna njira zina. Halo 2 ya kampani ya Bungie, ya mu 2004, inatchukitsa kusanja zochita za adani ngati nthambi za mtengo, pamene pulogalamu imatsika kuchokera ku zisankho zazikulu kupita ku zazing'ono.

Koma gemu yaing'ono yoonera pamwamba isanafike kumeneko, pali njira yapafupi imene David Harel anaifotokoza mu 1987: kuika mikhalidwe yofanana m'gulu limodzi. Kwa mizukwa, kumwazika ndi kuthamangitsa zingakhale pansi pa gulu loti woopsa. Dontho lalikulu likadyedwa, mzere umodzi wochokera ku gululo ukukwanira m'malo mwa iwiri, ndipo lamulo loti mzukwa woopsa ukagunda Pac-Man amafa limalembedwa kamodzi. Wopanga gemu akadzawonjezera kubisalira kapena kulondera dontho, amangoziika m'gulu lomwelo, ndipo zimalandira malamulo awiriwo popanda mzere wina watsopano.